Kudziwa zaka za kabati yakale poyang'ana misomali, masikuluwu ndi mizere ya sowo

Funso: Ndagula kabati ya madilowa anayi, wogulitsa akuti ndi ya m'ma 1780 chifukwa misomali ya kumbuyo si yozungulira ngati ya masiku ano. Koma pa zigwiriro ndapeza masikuluwu a mtanda. Ndamizidwa kapena? Ndingadziwe bwanji zaka zake zenizeni?

Akulu, musathamangire kukabweza katundu, komanso musathamangire kukhulupirira. Zinthu ziwiri mwaonazo pazokha sizikutsimikizira kalikonse. Chimene muyenera kugwira m'mutu ndi ichi: msomali, sikuluwu kapena mzere wa sowo umangokuuzani chaka chimene chinthucho sichingakhale chinapangidwa chisanafike. Sukuuzani mbali inayo. Sikuluwu ya mtanda ya mtundu wa Phillips kunalibe 1930 isanakwane, ndiye amene anaimanga anaimanga pambuyo pake, apo palibe zokambirana. Koma msomali wosula pamanja munthu atha kuusula olo mawa m'mawa. Ndiye timafufuza chinthu chatsopano kwambiri mwa zinthu zimene zinalowa pa tsiku lomwe kabatiyo inkakhomedwa, ndipo ntchito yaikulu ili pamenepo, kusiyanitsa zoyambirira ndi zimene anadzaika okonza pambuyo pake.

Zaka zimene nditchule apa ndi za mipando ya ku Ingalande ndi ku Amereka, kumene makinawa anayambira. Kumidzi ndi kumaiko ena zinkafika mochedwa, nthawi zina ndi zaka makumi angapo.

Tulutsani madilowa onse, kokani kabatiyo ichoke kukhoma, zimitsani magetsi ngati n'kotheka, mutenge tochi. Tochiyo musaiwalitse molunjika pathabwa ayi, igonekeni pafupifupi kukhudza thabwalo kuti kuwala kudutse cham'mbali, mukatero kamzere kalikonse kamakhala ndi mthunzi wake. Malo oyang'ana ndi matabwa a kumbuyo, kunsi kwa madilowa, m'kati mwa mbali ndi kunsi kwa thabwa la pamwamba. Chifukwa chake n'chosavuta, kupala thabwa pamanja mpaka lisalale ndi thukuta lenileni ndipo kalipentala wakale sankataya thukuta pamalo poti kasitomala sadzaonapo. Kutsogolo anthu apala, apaka vanishi, apalanso kangapo. Kumbuyo nthawi zambiri palibe anakhudzako.

Tiyambe ndi misomali poti ndi imene yakupatsani chiyembekezo. Misomali "yosazungulira" ilipo mitundu iwiri ndipo ogulitsa ambiri amaisakaniza, ena mosadziwa ena mwadala. Woyamba ndi wosula pamanja. Wosula zitsulo ankatenga kandodo kachitsulo kotentha n'kumakamenya mbali zonse zinayi, ndiye msomaliwo umawonda mbali zonse zinayi kupita kunsonga, ndipo mutu wake umakhala ndi timalo tingapo tophwatalala pomwe hamala inkagunda, palibe iwiri yofanana ndendende. Umenewu ndiye unkalamulira mpaka cha m'ma 1800. Wachiwiri ndi wodula. Kuyambira m'ma 1790 kunabwera makina odula misomali kuchokera pa chitsulo chophwatalala, Jacob Perkins ku Amereka analembetsa ake mu 1795. Poti akudula pa chitsulo chokhuthala mofanana, msomali wodula umawonda mbali ziwiri zokha. Mukauyang'ana mbali iyi ukuoneka ngati mphero yaitali, mukautembenuza pang'ono mupeza kukhuthala n'kumodzimodzi kuyambira pakhosi mpaka kumapeto, ndipo kumapetoko n'kobuntha, kwa makona anayi. Kusiyana kumeneku kokha kutha kusuntha kabati yanu ndi zaka 40 kapena kuposa.

Misomali yodulayo nayonso ili ndi mibadwo yake. Yoyambirira thupi linkadulidwa ndi makina koma mutu ankaumenya pamanja, ndiye pamwamba mukangoona mutu wokha mutha kuganiza kuti ndi wosula. Cha m'ma 1815 kupita m'ma 1830 makina anayamba kupanganso mutu, wophwatalala, wooneka ngati kabokosi kotalika mbali imodzi, yonse yofanana. Palinso kanthu kena kakang'ono komwe ine ndimakakonda. Mpeni wa makina ukamadula chitsulo umasiya kamlomo kakuthwa m'mphepete kumene watulukira. Makina oyamba ankangopendeketsa chitsulocho uku ndi uku osachitembenuza, ndiye timilomo tiwirito timakhala pa makona oyang'anana mopingasa. Makina apambuyo, amene anafala cha m'ma 1820 kupita mtsogolo, ankatembenuza chitsulocho akadula kamodzi, ndiye timilomo tonse tiwiri timakhala mbali imodzi. Mumatimva ndi chikhadabo ngati dzimbiri silinadye kwambiri. Misomali ya waya, yozungulira ija ya mutu wozungulira, inayamba kulanda msika m'ma 1880 ndipo pofika 1900 inali itapambana kale.

Koma chonde musazule misomali kuti muione. Mung'amba thabwa ndipo umboni womwe mukuufunawo muuwononga. Fufuzani pomwe msomali waonekera wokha. Malo abwino ndi kumbuyo kwa dilowa, kunsi. Thabwa la pansi pa dilowa limafota m'lifupi mwake pakapita zaka, ndiye kawirikawiri limang'ambika pamsomali n'kuusiya thupi lili pamtunda. Apo mutha kuuona bwinobwino ndi galasi lokulitsa zinthu.

Nanga mudziwa bwanji kuti msomali ndi woyambirira? Yang'anani thabwa lozungulira mutu wake. Chitsulo chikakhala m'thabwa zaka zambiri chimasiya banga, pa paini limakhala lofiirira ngati dzimbiri, pa oki limada bii chifukwa madzi a mtengowo amalimbana ndi chitsulo. Bangalo limalowa m'kati mwa thabwa ndipo limatalika motsata utali wa thabwa, silimangokhala pamwamba ngati utoto wopaka. Kenako werengani mabowo. Ngati thabwa lili ndi misomali isanu ndi umodzi ndi mabowo asanu ndi limodzi, bwino. Ngati pambali pa msomali uliwonse pali kabowo kena kopanda kanthu, thabwalo linachotsedwapo n'kukhomedwanso, ndipo maonekedwe a bowo lopanda kanthulo ndi amene akukuuzani za msomali woyamba, la makona kapena lozungulira. Ndipo ngati thabwa lili ndi bowo koma kuseri kwake, pa thupi la kabati, palibe bowo lolingana nalo, thabwa limenelo linachokera pa chinthu china.

Masikuluwu ndiye amapereka chaka chakuthwa kuposa zonse, 1846. Chaka chimenecho Thomas Sloan wa ku New York analembetsa makina opanga sikuluwu yosongoka, ija mathiredi ake amafika mpaka kunsonga n'kumadziboolera yokha. Ku Ingalande a Nettlefold a ku Birmingham anayamba kupanga ndi njira imeneyi mu 1854. Izi zisanachitike masikuluwu ambiri a m'matabwa anali obuntha kumapeto, ngati wachita kudula, ndipo kalipentala ankayamba waboola kaye. Akale kwambiri, a m'ma 1700, mathiredi ake ndi osafanana kutalikirana, ena akuya ena osaya, pamutu pamaoneka mizere yowongoka ya tupa, ndipo mpata wa sikuludiraiva ndi wopyapyala, unkachekedwa ndi kasowo ndiye umapatuka pakati, nthawi zina mpaka kupendekeka. Kuyambira kumapeto kwa ma 1700 mpaka m'ma 1840 mupeza apakatikati, mathiredi ofanana bwino poti anadulidwa pa makina, thupi losawonda kwenikweni, kumapeto kobunthabe, mpata wa pamutu ukadali wopatukako pang'ono. Yosongoka, ya mpata wapakati penipeni ndi timizere tozungulira pamutu, ndi ya pambuyo pa 1846. Ya bowo la makona anayi pamutu ndi ya Robertson wa ku Canada, cha m'ma 1908. Ya mtanda, ya Phillips, ndi ya m'ma 1930.

Vuto la masikuluwu ndi loti amamasulika. Zigwiriro, mahinjesi ndi maloko ndi zinthu zimene anthu amasintha kwambiri, china chathyoka, china chatuluka m'fashoni. Ndiye a mtanda anuwo akungonena kuti munthu wina anagwira zigwirirozo pambuyo pa 1930, basi. Tembenuzani dilowa muone kuseri kwa thabwa la kutsogolo. Mukapeza mabowo ena otsekedwa ndi timitengo kapena phula, kapena kutsogolo kukuoneka chithunzithunzi cha chigwiriro china chokulirapo pomwe thabwa silinawauke ndi dzuwa, ndiye kuti zigwirirozo ndi zachiwiri kapena zachitatu ndipo kabati ilibe mlandu. Koma ngati bowo ndi limodzi lokha, loyera m'kati, lokwanira sikuluwu ya mtandayo ndendende, komanso a mtanda omwewo akupezeka m'kati mwa kabati pomwe agwira thabwa la pamwamba, aaa pamenepo nkhani yavuta.

Sikuluwu yoti muikhulupirire ndi ya pamalo pomwe palibe anali ndi chifukwa chogwirapo, monga pa loko amene wakhala bwinobwino m'malo mwake osasiya mpata. Masulani imodzi yokha. Sikuludiraiva ikwane mpatawo bwino, ngati ndi yokhuthala ipaleni ndi tupa, kanikizani mwamphamvu, yambani ngati mukumanga pang'ono kuti dzimbiri lisweke kenako masulani. Ikakana isiyeni, musalimbane nayo mpaka mutu kuphwanyika. Mukaona ibwezereni m'bowo lake lomwelo. Onaninso kumapetoko bwino, chifukwa akamberembere ena amadula nsonga ya sikuluwu yatsopano kuti ioneke yakale. Yoteroyo podulapo pamakhala powala kapena dzimbiri lake losiyana ndi thupi lonse, ndipo mathiredi ake ndi aukhondo mopitirira.

Tsopano matabwa enieniwo. Awa ine ndimawakhulupirira kuposa zitsulo, poti sikuluwu mutha kusintha mphindi ziwiri koma mizere ya sowo pa thabwa lonse la kumbuyo simungaisinthe osasiya chizindikiro. Thabwa lochekedwa ndi anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje, limakhala ndi mizere yowongoka koma yopendekeka, yosafanana kutalikirana, ndipo pena kapendekekedwe kamasintha pomwe ochekawo anasuntha mapazi kapena kupumira. Sowo ya makina yokwera ndi kutsika, ija inkayendetsedwa ndi madzi, imasiya mizere yoima chilili mopingasa thabwa, yotalikirana mofanana kuyambira uku mpaka uko. Mitundu iwiriyi ndi yakale zedi ndipo inkagwira ntchito nthawi imodzi kwa zaka mazana, ndiye siyikupatsani chaka. Kucheka kwa m'dzenje anthu akuchitabe mpaka lero m'madera ambiri, ndiye mizere yake payokha isakunyengeni.

Imene imapereka malire ndi sowo yozungulira. Imasiya mizere yokhota ngati uta. Inalembetsedwa ku Ingalande kale mu 1777 ndi Samuel Miller, koma kuti ifike pocheka matabwa akuluakulu a mipando zinatenga nthawi, ndiye mukaona mauta pa thabwa lalikulu loyambirira ganizirani za pambuyo pa 1830, ndipo nthawi zambiri pambuyo pa 1850. Sowo ikakhala yaikulu kukhotako kumakhala kochepa, pa kathabwa kopyapyala maso atha kukunamizani, ndiye gonekani lula motsata mzere umodzi muone ngati pakati pakutsala mpata. Njira ina, ikani pepala pathabwa mukhwekhwereze pensulo chogoneka, mizere yonse ituluka papepala. Sowo ya lamba, imene inafala m'ma 1870, imasokoneza anthu chifukwa nayonso mizere yake ndi yowongoka, koma imakhala yopyapyala, yothithikana kwambiri ndi yosaya poyerekeza ndi ya sowo yokwera ndi kutsika.

Kunsi kwa madilowa tochi isiyeni kaye mugwiritse zala. Yendetsani nsonga za zala mopingasa thabwa, mutatsinzina ngati mukufuna. Puleni yapamanja yochotsera nyama yambiri inkakhala ndi mpeni wonoledwa mokhota pang'ono, ndiye imasiya tingalande tosaya totsata utali wa thabwa, m'lifupi mwake ngati chala chimodzi kapena ziwiri, tosafanana, tina tikulowerana. Zala zimamva kukwera ndi kutsika. Makina opalira matabwa amasiya zosiyana kotheratu: thabwa limakhala lathyathyathya, koma ndi tochi yogoneka mumaona timizere tating'ono kwambiri topingasa thabwa, totalikirana milimita imodzi kapena awiri, tofanana tonse, kamzere kalikonse ndi pomwe mpeni wozungulira unagunda. William Woodworth analembetsa makina otere ku Amereka mu 1828 ndipo pofika pakati pa ma 1800 anali atafala m'mafakitale. Thabwa loti linadutsa m'makina kenako wina n'kudzapalapo pamanja kuti lioneke lakale limagwidwa m'makona ndi m'mphepete, momwe puleni sinafike, timizere ta makina timatsalamo.

Pa ngodya za madilowa pali mano olumikizira aja akalipentala amati dovutelo. Odula pamanja amakhala osafanana kwenikweni, ena opyapyala kwambiri, pamakhala kamzere kolembera pomwe mano akuthera ndipo pena sowo inapitirira kamzereko pang'ono. Mukaona ooneka ngati timiyezi tokhala ndi kachikhomo kozungulira pakati, amenewo ndi a makina a Charles Knapp a mu 1867, ndipo kabatiyo ndi ya ku Amereka kapena Canada ya pakati pa 1870 ndi 1900. Ofanana onse ngati mano a chipeso ndi a makina a kumapeto kwa ma 1800 kupita mtsogolo. Koma odula pamanja sakutsimikizira ukale, ku Ulaya ambiri anapitiriza kudula pamanja mpaka m'ma 1930.

Ndikuonetseni momwe zimalumikizirana, ndi kabati ina yofanana ndi yanu imene inadutsa m'manja mwanga, nayonso inabwera ndi nkhani ya 1780. Kutsogolo mahogani wopyapyala womatidwa pa paini. Kumbuyo matabwa atatu. Awiri a pamwamba anali odera, mtundu wa thabwa limene lapuma mpweya ndi fumbi zaka zambiri, mizere yake yoima chilili yofanana, sowo yokwera ndi kutsika. La pansi linali lowalirapo, lili ndi mauta oonekeratu, lokhomedwa ndi misomali ya waya. Munthu wopupuluma akanati basi yonse ndi ya 1900. Koma pa thupi la kabati, kuseri kwa thabwa la pansilo, panali mabowo akale a makona okhala ndi banga la dzimbiri, opanda misomali, ndipo thabwa latsopanolo linalibe mabowo olingana nawo. Ndiye linali lolowa m'malo, loyamba mwina linaola ndi chinyezi poti la pansi ndi limene limayamba kuvutika. Timatabwa tomwe madilowa amatsetserekapo natonso tinali ndi misomali ya waya, izi n'zachizolowezi, timatha ndi kukhulana ndiye amatisintha. Zigwiriro zinali ndi mabowo otsekedwa kuseri. Zonsezi ndinaziika pambali ngati ntchito ya okonza.

Zotsala zinali izi. Kunsi kwa madilowa tingalande ta puleni yapamanja, palibe kamzere ka makina olo m'makona. Mano a m'ngodya odula pamanja. Mpaka apa 1780 ikanatheka ndithu. Koma matabwa awiri oyambirira aja anali okhomedwa ndi misomali ya mitu yophwatalala yofanana yonse, bowo limodzi msomali umodzi, banga lolowerera, kusonyeza kuti sanachotsedwepo chikhomereni. Kumbuyo kwa dilowa yachitatu thabwa la pansi linali litang'ambika n'kusiya msomali poyera: wowonda mbali ziwiri zokha, timilomo tonse mbali imodzi. Pamenepo 1780 inagwa, chifukwa msomali umenewo m'chaka chimenecho kunalibe, ndipo kabatiyo singakhale ya kale kuposa cha m'ma 1820. Sikuluwu ya pa loko inatuluka yobuntha, mathiredi ofanana, mpata wopatuka pang'ono. Ine ndinaiika pakati pa 1820 ndi 1850.

Onani bwino kusiyana kwa malire awiriwo. La 1820 ndi lolimba, lili ndi msomali woligwira. La 1850 ndi lofewa, ndinalipeza chifukwa cha zimene kunalibe: palibe sikuluwu yosongoka yoyambirira, palibe mauta pa matabwa oyambirira, palibe timizere ta makina opalira. Kalipentala wakumudzi wokhala ndi bokosi la masikuluwu akale akanatha kupanga kabati yomweyo mu 1860 n'kutuluka chimodzimodzi. N'chifukwa chake munthu wodziwa ntchitoyi amakupatsani mpata wa zaka 20 kapena 30, akakupatsani chaka chimodzi chenicheni popanda chikalata kapena dzina lolembedwa pa kabatiyo mufunseni wachitenga kuti.

Chimodzi chomaliza choti musamale nacho ndi kabati yopangidwa posachedwa ndi matabwa akale, ochotsedwa pa zitseko kapena pansi pa nyumba zogumulidwa. Mizere ya sowo imakhala yakale zoona, ndipo misomali yodula ikugulitsidwabe yatsopano mpaka pano. Zoterezi zimagwidwa kumapeto kwa matabwa, podulira. Thabwa lodulidwa kalekale kumapeto kwake kumada mofanana ndi nkhope yake, pomwe lodulidwa posachedwa kumakhala kowala, kapena kopakidwa mankhwala odetsa amene amasiya madontho ndi malire a bulashi. Onaninso kutha kwa madilowa. Dilowa imene yakokedwa zaka 150 mbali zake kunsi zimadyeka mokhota, ndipo pomwe imatsetsereka pamakumbika ngalande yolingana ndi kudyekako, ya pamwamba yosungamo zinthu za tsiku ndi tsiku imadyeka kuposa zinazo kawirikawiri. Zikadyeka zonse mofanana, kapena mbali zadyeka koma potsetsereka pali bwinobwino popanda chizindikiro choti panasinthidwa, pali dzanja la munthu.

Ndiye kwa yanuyo yambani ndi kuseri kwa zigwiriro muone mabowo, kenako mupeze msomali umodzi woonekera thupi muwerenge mbali zimene ukuwonda. Zikakhala zinayi, ndipo mizere ya sowo, puleni ndi sikuluwu ya pa loko zikugwirizana nazo, wogulitsa wanu atha kukhala akunena zoona. Zikakhala ziwiri pa thabwa loti silinachotsedwepo, muli ndi kabati ya m'ma 1800, yakale ndithu koma osati ya mtengo wa 1780. Pojambula zithunzi zoti mukamuonetse wogulitsayo zimitsani fulashi, gonekani tochi cham'mbali ndipo muike lula pafupi ndi msomaliwo kuti kukula kwake kuoneke.